Musativalike zimene sitinavale

Pa malilo a amai athu aang'ono caka catha, manong'onong'o anayamba bokosi lisanatuluke m'nyumba. Anyamata anali kugawa mapepala a pulogalamu ya malilo, ndipo aliyense wolandila anali kuyang'ana cithunzi ca pacikuto, kenako n'kuyang'ana mnzake. Pa cithunzico malemu anavala yunifomu ya gulu la amai a mu mpingo: bulauzi yoyela, duku yoyela na baji pa cifuwa. Nkhope inali yao ndithu, na kamseko kao kaja ka mbali imodzi. Koma mudzi wonse unali kudziwa kuti amai aja sanavalikidwepo yunifomu. Anakwatiwa pa mitala, ali mkazi waciwili, ndipo mpingo wao suvalika mkazi wa pa mitala. Anapemphela mmenemo zaka zoposa 30, akusesa, akuphika pa misonkhano, akuimba kumbuyo kwa anzao atavala citenje ca masiku onse.

Amene anawavalika ni mdzukulu wao wa ku Lusaka. Anatenga cithunzi cimene anawajambula pa cikwati ca msuweni wathu, anaciika mu apu ya pa foni ali m'basi, ndipo pofika pa Nyimba nchito inali itatha. Sanacite mwa cipongwe. Titamufunsa anati, "Ambuya anaifuna yunifomu moyo wao wonse, lekani apite nayo." Ni mau a cikondi, ndipo ena a ife tinagwetsa misozi powamva. Koma mapepala 150 anali atasindikizidwa kale. Acikulile a gulu la amai anabwela ku cisasa kudzafunsa mwaulemu kuti anawavalika ndani, liti, ku mpingo uti. Mwana wamkazi wa malemu, maso ali ofiila, anaimilila kufotokoza nkhani ya mitala pamaso pa ana a mkazi wamkulu. Tsiku limene anthu anafunika kukamba za munda wao wa nshawa na ana amasiye amene analela, anathela kukamba za cinthu cimodzi cimene malemu anali kucita naco manyazi.

Ife tikuti kusintha covala pa cithunzi ca munthu popanda kumufunsa ni kumuika mau m'kamwa. Kuno kwathu covala cimakamba. Yunifomu ya mu mpingo imati ndinaphunzila, ndinalonjeza, anandivalika pamaso pa anthu. Gauni ya pa tsiku lotsiliza maphunzilo imati ndinakhoza mayeso. Zakuda zimati ndafeledwa. Sikipa yofiila kapena yobiliwila pa nyengo ya masankho imauza anthu kumene voti yanu ipita, ndipo aphunzitsi kapena anesi a boma amene aoneka ataivala amadziwa kuti Mande adzaitanidwa ku ofesi. Nkhope ili pamwamba pa covalaco ndiyo siginecha. Mukasintha covala n'kusiya nkhope, mwalemba kalata yanu n'kusainila dzina la mnzanu.

Anthu ambili amaganiza kuti apu imangoika nsalu pamwamba pa thupi, monga mmene timavalikila cidole. Sizili conco, ndipo apa m'pamene pali nkhani. Njila yakale, imene a ma situdiyo ojambula akhala akugwilitsila nchito kwa zaka, ni kudula mutu pa kompyuta n'kuuika pa suti yokonzeka kale. Suti imeneyo inajambulidwa itavalidwa na munthu wina, ndiye cifukwa cake madala woonda wa ku mudzi amatuluka na mapewa a mlonda wa pa banki. Njila yatsopano, ya ma apu a AI kapena Generative Fill ya mu Photoshop, ni yozama kupambana pamenepo. Mumapaka na cala mbali imene mufuna kusintha, kuyambila m'khosi kutsika, n'kulemba mau a covala cimene mufuna. Makinawo amafufuta zonse za pamalo mwapakapo. Kenako amajambula cinthu catsopano mongoganizila, kutengela zithunzi zambilimbili za anthu ena zimene anaphunzilapo. Sadziwa thupi la amai anu. Amapanga thupi limene aona kuti liyenelana na covalaco.

Conco cimene cimasintha si nsalu cabe. Mapewa, cifuwa, ciuno, kutalika kwa khosi, nthawi zina na mtundu wa khungu la manja, zonse zimakhala zatsopano. Pa cithunzi ca amai athu aang'ono tinaona pambuyo pake kuti cipsela ca moto cimene cinali pa dzanja lao lamanja kuyambila ali mtsikana cinalibepo. Dzanja lija linali losalala, la munthu amene sanagwilepo khasu. Mphete ya ukwati imatha kusowa, kolona ya m'khosi imatha kusanduka mkanda, mimba ya miyezi isanu imatha kuphwa, ndipo munthu amene alibe mimba angatuluke ngati ali nayo. Ndiye wina akati "ndangosintha malaya cabe," ife timamuyankha kuti aike zithunzi ziwilizo pafupi, akulitse, ayang'ane kuyambila pa cibwano kutsika. Adzapeza kuti wapatsa m'bale wake thupi la mlendo.

Tisaoneke ngati oyela pa nkhani imeneyi, cifukwa nafenso tinacitapo. Pa wailesi pamene timadzipeleka tinali kukonza cikwangwani ca anthu onse a pa siteshoni, coti cikapacikidwe pa khomo na kuikidwa pa Facebook. Tinajambulitsa tili anthu 11, amuna 7 na akazi anai. Mmodzi wa atsikana, wamng'ono pa tonse, amene amawelenga zilengezo za malilo na za ng'ombe zosowa m'mawa, anabwela atavala jinzi na bulauzi yopanda manja. Anali atacoka kukajambula mau ku msika pa njinga, ndipo aliyense amene anapalasapo njinga atavala citenje mwezi wa October adziwa cifukwa cake anavala conco. Madzulo tili pa kompyuta, wina anati akuluakulu a komiti sadzakondwela. Tinagwilizana msanga. Tinamuvalika dilesi ya citenje ya manja aatali, yofika ku akakolo, na duku pamwamba. Tinaseka, tinati waoneka ngati mkazi wa abusa. Palibe amene anaganiza zomutumila foni, ngakhale kuti nambala yake inali pa khoma pamaso pathu.

Anaciona koyamba pa foni ya amalume ake. Amalumewo anamutumizila na mau akuti, "Waona, anzako akuphunzitsa kavalidwe." Apa m'pamene tinamvetsa zimene tinacita. Ife tinali kuganiza kuti tamuteteza. Koma aliyense amene anamuona tsiku lija pa msika anadziwa kuti sanavale zimenezo, ndipo uthenga umene unafika unali wakuti anzake a pa nchito anaona kuti kavalidwe kake n'kocititsa manyazi mpaka anacita kumubisa. Tinamudzudzula pa gulu popanda kukamba naye liu limodzi. Atabwela m'mawa mwake sanakalipe. Anatifunsa funso limodzi cabe, kuti pa anthu 11 aja tinasintha angati.

Tinasintha mmodzi. Mnzathu wina wamwamuna anaima kutsogolo na jezi ya mpila yong'ambika m'khwapa, wina anavala mapatapata, ndipo palibe amene anaona vuto. Amanejala anavala shati yothina moti mabatani anali kulila, koma ndani angayese kukhudza cithunzi ca amanejala? Ici ndico cimene titanthauza tikamakamba za cilungamo pa nkhaniyi. Yang'anani pa gulu lililonse la WhatsApp, la banja kapena la pa nchito, muone amene zovala zao zimasinthidwa. Ni mtsikana wa pa lisepushoni, ni mtengwa wobwela kumene m'banja, ni wanchito wa pa nyumba, ni ambuya amene alibe foni ndipo sadzaciona, ni mnyamata wacete amene sayankha. Nchitoyi imayenda kucoka kumwamba kupita pansi. Sitinaonepo kalaliki atavalika bwana wake kabudula n'kutumiza pa gulu la ofesi. Ngati cinthu mungacicite kwa wamng'ono koma simungayelekeze kwa wamkulu, mudziwa kale kuti si cabwino. Mumangoyang'ana amene sangabwezele.

Ndipo onani kuti akazi amalakwilidwa mbali zonse ziwili. Ena amawaonjezela nsalu, ena amawacotsela. Anthu amaona ngati izi ni zosiyana, kuti wophimba ni waulemu ndipo wovula ni wacipongwe. Zoona, kuvula n'koipa kwambili ndipo tifikapo. Koma muzu wake ni umodzi: munthu wina wakhala pansi na foni n'kugamula mmene thupi la mkazi liyenela kuonekela pa gulu, mwiniwake kulibe. Mu January 2024 wailesi ya kanema ya Nine News ku Australia inaonetsa cithunzi ca phungu wa nyumba ya malamulo ya cigawo ca Victoria, Georgie Purcell. Pa cithunzi ceniceni anavala dilesi yoyela. Pa kanema inatuluka ili nsalu ziwili, mimba ili poyela, maele atakulitsidwa. Wailesiyo inapepesa n'kunena kuti Photoshop inacita yokha pamene anali kukulitsa cithunzi, koma kampani ya Adobe, eni Photoshop, inayankha kuti kusintha kotele kumafuna munthu kuti acite na kuvomeleza. Taikamba nkhaniyi cifukwa ca yankho limenelo. Makina angatulutse ciliconse, koma amene ayang'ana n'kunena kuti "ili bwino, tumizani" ni munthu. Ngati zinacitika kwa phungu wodziwika, mtsikana wowelenga zilengezo za ng'ombe angathawile kuti?

Timamva zodzikhululukila zambili, ndipo ina ni yakuti "ni nthabwala cabe, ni cimbuya." Ife a kum'mawa cimbuya timacidziwa bwino. Pa malilo a Mngoni, Abemba amabwela n'kutipaka ufa kapena paudala ku mutu, amatinyoza, amalanda ndalama, ife n'kumaseka misozi ili m'maso. Koma cimbuya cili na malamulo ake. Cimacitika maso na maso, wonyozedwa ali pomwepo ndipo ali na ufulu wobwezela. Onse oonelela adziwa kuti ni masewela. Ndipo paudala imacoka na madzi madzulo omwewo. Cithunzi cosinthidwa cilibe ciliconse mwa izi. Cikacoka pa gulu la anthu 20 amene amvetsa nthabwalayo, cimafika kwa apongozi, kwa abusa, kwa bwana watsopano, cilibe mau ofotokoza. Status ya pa WhatsApp imazima pakapita maola 24, koma wojambula sikilini safuna ngakhale mphindi imodzi. Delete for everyone imagwila nchito kwa masiku awili cabe, ndiponso siingalowe m'foni ya munthu kukafufuta cimene anatumiza kale kwina.

Codzikhululukila cina cili na mphamvu kupambana ici, ndipo sitifuna kucikankha. Anthu amati osauka naonso afuna kuoneka bwino. Madala amene sanagulepo suti moyo wao wonse, n'cifukwa ciani asakhale na cithunzi ca suti pa khoma? Mnyamata wofuna nchito amene alibe jekete, alekelenji kuika tayi pa cithunzi ca pa kalata yofunsila nchito? Ife tikuti aike. Akale athu anali kubweleka jekete ya pa situdiyo, ija yopacikidwa pa msomali imene inavalidwa na boma lonse, ndipo palibe amene anati ni bodza. Koma kumbukilani mmene zinali kuyendela. Madala anali kuyenda okha kupita ku situdiyo, kusankha jekete, kuivala na manja ao, kudziyang'ana pa galasi, ndiye n'kukhala pa mpando. Anali kudziwa cimene cidzatuluka. Munthu akadzivalika yekha, kaya na nsalu kaya na foni, ni nkhani yake. Cimene tikana ni kuvalikidwa uli mtulo.

Ngakhale pamenepo pali malile. Suti siinena kuti munthu ali na udindo uliwonse. Koma yunifomu ya unesi, ya upolisi, ya usilikali, kolala ya abusa, gauni ya digili, izi zimanena cinthu cimene cingakhale coona kapena cabodza, ndipo anthu ena amacitapo kanthu pokhulupilila. Apa ngakhale mwini cithunzi atavomela, sicikhala colungama, cifukwa wonamizidwa ni wacitatu. Ndiye cifukwa cake nkhani ya amai athu aang'ono inali yolemela. Ngakhale akanakhala moyo n'kunena kuti inde, yunifomu ija siinali yao yopeleka, ndiponso siinali ya mdzukulu. Ili na eni ake amene anaiyembekezela na kuilonjezela.

Tsono kuvomela kweni-kweni n'kotani? Pa wailesi, pambuyo pa manyazi aja, tinagwilizana njila imene taiyesa ndipo igwila. Timafunsa tisanaike cithunzi mu apu, osati titatsiliza. Cifukwa cake n'cakuti ma apu ambili a pa foni sagwilila nchitoyi m'foni mwanu. Amatumiza cithunzi ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko, ndiye cifukwa cake amafuna bando. Mukangodina, nkhope ya mnzanu yacoka kale m'manja mwanu, pamodzi na ana amene aima pambali pake. Funso lake silikhala lakuti "ndikonzeko cithunzi cako?" cifukwa munthu amaganiza kuti mukamba za kuwalitsa kapena kucotsa kadontho. Timachula covala ceni-ceni na kumene cithunzi cipita: tifuna kukuika jekete yakuda m'malo mwa sikipa, ndipo cikhala pa cikwangwani ca pa khomo na pa Facebook. Tikatsiliza timamuonetsa iye yekha poyamba, zithunzi ziwili pafupi, cakale na catsopano, cifukwa anavomela jekete koma sanavomele mapewa amene makina amupatsa. Akati iyai pamenepo, nkhani yatha, ndipo safunika kupeleka cifukwa.

Cinanso cimene tinaphunzila mocedwa n'cakuti malo ofunsila ali na kanthu. Mukafunsa mtsikana wa pa nchito pa gulu la WhatsApp pamene pali amanejala, anthu 15 atayika kale zizindikilo za kuseka, "inde" wake alibe tanthauzo. Mtengwa sangakane pamaso pa apongozi. Mwana wa sukulu amene mumulipilila fizi sangakuuzeni kuti amalume cithunzi ici sindicifuna. Conco funsani pambali, ndipo ngati ndinu wamkulu kwa iye, tumani mnzake wa msinkhu wake, kuti kukana kukhale kopepuka. Kukhala cete si kuvomela. Ka cizindikilo ka nkhope yoseka si kuvomela; ambili a ife timakatumiza mtima ukuwawa. Ndipo kuvomela kwa lelo sikufika mawa: amene analola jekete pa cikwangwani ca siteshoni sanalole kuti mumuvalike zikumba za Angoni pa N'cwala ya February n'kumuika pa cilengezo ca malonda a munthu wina.

Cikwangwani cathu tinacicita bwanji? Tinacitsitsa, tinafufuta ca pa Facebook, tinapepesa pa gulu lomwelo pamene tinasekela. Kenako tinacita cimene tinafunika kucita poyamba: tinauza anthu onse 11 kuti Cisanu tijambulitsanso, aliyense abwele na cimene afuna kuoneka naco. Zinatitengela mphindi 20. Mtsikana uja anabwela na jinzi ina na shati ya kolala. Akuluakulu a komiti amene tinali kuwaopa sanakambe ciliconse, kupatulapo mmodzi amene anadandaula kuti dzina la siteshoni lalembedwa na zilembo zing'onozing'ono.

Za akufa n'zovutilapo, cifukwa wofunsa kulibe. Timalandila zithunzi za malilo sabata iliyonse, ndipo tsopano pafupifupi timadziwa cosinthidwa tikangociona. Yang'anani pamene khosi likumana na kolala: mumapeza mzela wakuthwa ngati wodula na lezala, kapena kaufunga kosamveka. Yang'anani kuwala: nkhope yawala kumanzele koma mthunzi wa jekete ukuonetsa kuti dzuwa linali kumanja. Pa citenje, maluwa enieni amapindika motsatila makwinya ndipo amaduka pa msoko. A makina amayandama pamwamba, kapena duwa limodzi limasungunukila mu linzake. Zilembo za pa baji zimakhala zosawelengeka, mabatani satsatana, mkanda umalowa m'khungu n'kusowa. Koma tisadzinamize, zizindikilo izi zikucepa caka na caka, ndipo WhatsApp ikafinya cithunzi zambili zimabisika. Umboni wodalilika ukali cithunzi coyambilila, ndiye cisungeni, ndipo potumiza ku osindikiza citumizeni monga Document kuti cisafinyidwe.

Kwa malemu ife tikuti lamulo likhale lakuti muwavalike cokhaco cimene anavalapo ali moyo, ndipo asankhe ni amene amasankha zovala za m'bokosi. Mwambo wathu unakonza kale zimenezi. Palibe mdzukulu amene amafika na basi ya usiku n'kukavalika mtembo yekha osafunsa mkazi wa malemu, ana na akuluakulu a banja. Nanga cithunzi cimene cikhala pa masikipa, pa khoma na pa mwala wa pa manda zaka 50 cikhala bwanji nchito ya munthu mmodzi na foni yake? Ngati cithunzi cokha cimene cilipo ni ca pa NRC, kapena malemu anavala sikipa ya malonda a feteleza, khalani pansi, bweletsani shati imene anali kupita nayo ku mapemphelo, muijambule, muuze wokonza kuti atsatile imeneyo. Cikatuluka, wamasiye aone poyamba makina osindikiza asanayambe kulila. Akati "awa si amuna anga," mumvele, olo cioneke cokongola bwanji. Ana amene ali na zaka zitatu lelo adzawadziwa atate ao kupitila pa cithunzi cimeneco.

Tsopano za kuvula. Ma apu ocotsa zovala pa zithunzi si acilendo. Ina yochedwa DeepNude inatuluka mu 2019 ndipo eni ake anaitseka mwamsanga anthu atakwiya, koma zinzake zinamela ngati bowa. Apa sitikambanso za ulemu kapena mwambo. Amene atenga cithunzi ca mlamu wake, ca mnzake wa pa nchito kapena ca mtsikana amene anamukana, n'kucivula, wacita nkhanza, ndipo mau akuti "si thupi lake leni-leni" samupulumutsa. Anthu amene aona sadziwa zimenezo, ndipo manyazi, ukwati wogwedezeka na nchito yotayika zimagwela munthu weni-weni. Malamulo a milandu a dziko lathu amaletsa kupanga, kusunga na kufalitsa zithunzi zolaula, ndipo ngati wojambulidwayo ni mwana mlandu wake ni waukulu koposa. Tilinso na Data Protection Act ya 2021, imene imazindikila kuti munthu ali na mau pa mmene uthenga wokhudza iye ugwilitsidwila nchito, ndiponso kuti angabweze cilolezo cimene anapeleka. Ofesi imene imasunga zithunzi za anchito ake iganizepo bwino. Zikakucitikilani, musafufute msanga cifukwa ca manyazi. Jambulani sikilini yoonetsa nambala ya wotumiza, dzina la gulu na tsiku, sungani cithunzi canu coyambilila, mupite nazo ku Victim Support Unit ku polisi. Ndipo inu amene cafika pa foni yanu, musacitumize kwa wina ngakhale mwa "taonani zimene acita". Uzani mwiniwake mwakacetecete.

Koma sitifuna kuti nkhani ya apolisi itibise. Zambili zimene zimapweteka anthu m'mabanja na m'maofesi mwathu sizidzafika ku khoti. Palibe woweluza amene adzamva mlandu wa duku imene tinaika pa mutu wa mnzathu, kapena wa bulauzi yoyela ya amai athu aang'ono. Ndipo amene amacita zimenezi si zigawenga za pa intaneti. Ndife, ophunzilako pang'ono a m'banja, amene tili na foni yabwino na bando, amene acibale amatitumizila zithunzi ati "iwe udziwa za makompyuta, konzako." Amatikhulupilila na nkhope zao cifukwa sadziwa zimene foniyo ingacite. Ambuya akakupatsani cithunzi cao kuti mucotse cikasu ca ukalamba wa pepala, sanakupatseni ufulu wowacotsa mphini za pa nkhope kapena kuwavalika dilesi ya m'tauni imene akanaikana.

Mwezi watha banja linakumana kukamba za mwala wa pa manda a amai athu aang'ono. Wopanga mwala anafuna cithunzi coti aike pa kambale kaja ka dongo loyela. Mdzukulu uja anali pomwepo, ndipo iye yekha ndiye anatulutsa foni n'kuonetsa cithunzi coyambilila ca pa cikwati, malemu atavala citenje cao ca buluu ca maluwa a mpendadzuwa, cipsela cili pa dzanja. Panabuka mkangano pang'ono, cifukwa amalume ena anali kufunabe ca yunifomu, ati anthu anacizolowela kale ndipo cili pa masikipa. Mwana wamkazi wa malemu anatenga foni, anakulitsa pa dzanja paja, anayang'ana kwa nthawi. Kenako anaipeleka kwa wopanga mwala n'kufunsa ngati cipselaco cidzaoneka pa kambale kang'ono conco. Anayankha kuti cidzaoneka akadula cithunzi pa ciuno m'malo mwa pa cifuwa, koma mtengo ukwelako pang'ono cifukwa kambale kakhala kokulilapo. Tinasonkha pomwepo.